Khomo limene simunalionepo m'nyumba yanuyanu: loto la chipinda chobisika limachokera kuti, ndipo limanena chiyani?

Lotoli limayamba mwakachetechete. Muli m'nyumba imene mumaidziwa bwino, mwina imene mukukhalamo panopa, mwina imene munakuliramo. Mukuyenda m'kanjira kopita ku zipinda zogona, kenaka mukuona chitseko pakhoma pamene masana onse pamakhala popanda kanthu. Mukuchikankha. Kuseri kwake kuli chipinda, nthawi zina zipinda zingapo zotsatizana, nthawi zina makwerero otsikira pansi. Muli fumbi, mwina muli katundu wofundidwa nsalu, mwina muli mbee, kuwala kokha kukulowa pawindo.

Chodabwitsa kwambiri ndi mmene mtima umachilandirira. M'lotomo munthu safunsa kuti wamanga izi ndani. Amangoti: kani chipindachi chinalipo nthawi yonseyi, ndiye bwanji sindinkachidziwa? Ambiri amadzuka ndi chisangalalo chosakanikirana ndi chisoni, mpaka ena amapita kukayang'ana pakhomapo ngakhale akudziwa kuti palibe kanthu.

Anthu akamafotokoza lotoli, yankho limene amalandira msanga ndi lakuti nyumbayo ndi inu, ndipo chipindacho ndi mbali ya inu imene simunaifufuze. Yankholi silinangogwa kumwamba. Lili ndi mbiri yake, lili ndi otsutsa ake, ndiponso lili ndi malire amene anthu olibwereza satchula kawirikawiri.

## Mbali ya maganizo imene mwini wake saiona

Mfundo yoyamba ndi yakuti munthu sadziwa zonse zimene zili mwa iye. Pali zokumbukira, zilakolako ndi mantha zimene zimayendetsa zochita zake iye osaziona. Fanizo losavuta ndi la munthu wolowa m'nyumba yaikulu usiku atanyamula kandulo imodzi. Akuona pamene kandulo ikuwalira pokha, koma sindiye kuti zipinda zinazo kulibe.

Kuyerekeza mtima ndi nyumba n'kwakale. Augustine wa ku Hippo, cha m'ma 400, analemba za kukumbukira zinthu zakale ngati mabwalo ndi zipinda zikuluzikulu zosungiramo. Teresa wa ku Avila, mu 1577, anafotokoza moyo wa munthu ngati nyumba yachifumu ya malo okhalamo asanu ndi awiri, amene munthu amalowa limodzi ndi limodzi kupita m'kati. Koma amene anagwirizanitsa fanizoli ndi maloto m'njira imene tikuimva lero ndi Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1875 mpaka 1961.

Mu 1909 Jung ndi Sigmund Freud, dokotala mnzake wa ku Austria, anayenda limodzi ulendo wa pasitima ya pamadzi kupita ku America, kumene anaitanidwa ndi yunivesite ya Clark. Pa ulendowo ankafotokozerana maloto. Jung analota ali m'nyumba yosanja imene sankaidziwa, koma m'lotomo ankadziwa kuti ndi yake. Anayambira m'chipinda chapamwamba, chochezera, chokhala ndi mipando yakale yokongola ndi zithunzi pakhoma. Atatsika anapeza kuti pansi pake zinthu n'zakale kwambiri, za m'ma 1400 kapena 1500, mwamdima, pansi poyalidwa njerwa zofiira. Kuseri kwa chitseko cholemera kunali makwerero amiyala otsikira m'chipinda chapansi pa nthaka, ndipo atayang'ana makoma ake anazindikira kuti ndi a nthawi ya Aroma. Pansi panali mwala wafulati wokhala ndi mphete yachitsulo. Ataunyamula anapeza makwerero ena opapatiza, otsikira m'phanga lafumbi mmene munali mafupa, mapale a mbiya ndi zigaza ziwiri za anthu.

Freud anagwira pa zigaza zija. Kwa iye loto linali chilakolako chobisika chimene chavala chigoba, choncho anafunsa kuti ndi anthu awiri ati amene Jung ankawafunira imfa. Jung anaulula pambuyo pake kuti anangotchula mkazi wake ndi mlamu wake kuti nkhani ithe, osati chifukwa ankakhulupirira. Iye ankaona kuti nyumbayo inali chithunzi cha maganizo ake: pamwamba ndi zimene amazidziwa, ndipo akamatsika akufika ku zakale zimene sizinayambe ndi iye, zimene anthu onse amabadwa nazo. Awiriwa anasiyana mu 1913.

Taonani apa: loto limodzi, akatswiri awiri otchuka a nthawi yawo atakhala pamodzi, matanthauzo awiri osakumana. Ndipo Jung yemweyo, atakalamba, anadzafotokozanso lotolo ngati chidule cha mbiri ya moyo wake ndi kakulidwe ka nzeru zake. Aliyense amene angakuuzeni kuti chipinda chobisika chili ndi tanthauzo limodzi lokhazikika akunena motsimikiza kuposa amene anayambitsa nkhaniyi.

## Zokanidwa ndi zosayesedwa

Tikati "mbali imene simunaifufuze" timasakaniza zinthu ziwiri. Pali zimene munthu anazikana mwa iye chifukwa anaphunzira kuti n'zosayenera: mkwiyo, nsanje, kufuna kutchuka, nthawi zina ngakhale kufatsa kumene. Jung ankazitcha mthunzi, chifukwa zimamutsata munthu kumbuyo iye atayang'ana kutsogolo. Ndiye pali zimene sanazikane koma sanapeze mpata woziyesa, monga luso limene linasiyidwa ali mwana kapena njira ya moyo imene sanaitsate. Zoyambazo zili ngati chipinda chimene munachikhoma dala n'kutaya kiyi. Zachiwirizo zili ngati chipinda chimene simunachikhome, munangoika kabati patsogolo pa chitseko chake n'kuiwala.

Jung analinso ndi loto la mtundu wachiwiriwu, ndipo ndi limene likufanana kwambiri ndi la anthu ambiri. Analemba kuti kwa nthawi ndithu ankalota mobwerezabwereza kuti pambali pa nyumba yake pali chigawo china chimene sankachidziwa, ndipo ulendo uliwonse ankadabwa kuti sachidziwa bwanji chikhalirecho chinalipo kuyambira kale. Tsiku lina analota atalowamo, n'kupezamo mabuku akuluakulu a m'ma 1500 ndi 1600, odzaza zithunzi zachilendo. Patapita nthawi anayamba kuwerenga zolemba za akatswiri akale amene ankayesa kusandutsa zitsulo wamba kukhala golide, ndipo anaona kuti chigawo chija chinali mbali ya iye imene inali isanadzuke.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma tikumbukire kuti anaifotokoza ali nkhalamba, akuyang'ana m'mbuyo. Munthu akadziwa kale kumene moyo unamufikitsa, n'kosavuta kuona maloto akale ngati zikwangwani zolozera komweko.

Otsatira Jung amaona loto ngati chinthu chobwezeretsa mlingo: moyo wa masana ukapendekera mbali imodzi, loto limabweretsa mbali inayo. Pa kaonedwe kameneka, munthu amene moyo wake wapanikizika ndi ntchito imodzimodzi ndiye angalote nyumba ikukula. Ndi maganizo amene alangizi ena amawapeza othandiza pocheza ndi anthu, koma ndi ovuta kuwayesa, chifukwa pafupifupi loto lililonse mungalifotokoze ngati likubwezeretsa kanthu kena.

## Ubongo umene umajambula malo

Ofufuza za tulo amayambira kwina. Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku yunivesite ya Chicago anapeza kuti pali gawo la tulo limene maso amathamangathamanga kuseri kwa zikope, ndipo anthu odzutsidwa pa nthawiyi kawirikawiri amafotokoza maloto omveka bwino. Gawoli limabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse ndipo limatalika kukamacha, n'chifukwa chake maloto amene timakumbukira kwambiri amakhala a m'bandakucha. Zithunzi za ubongo za m'ma 1990 zinaonetsa kuti pa nthawiyi zigawo zokhudza mantha ndi chimwemwe zimakhala zogalamuka, pamene mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza kuunika ngati zinthu zikugwirizana, imagwira ntchito mofooka. Apa pali yankho limodzi la funso lija lakuti bwanji sitikayikira chitseko chachilendocho. Mlonda amene akanati "pakhomali palibe khomo" amakhala atawodzera.

Nanga bwanji nyumba, nanga bwanji zipinda zowonjezera? Mu 1971 John O'Keefe anapeza kuti m'chigawo cha ubongo chotchedwa hipokampasi muli maselo amene amayaka khoswe akafika pamalo akutiakuti. Maselowa pamodzi amapanga mapu a malo, ndipo ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2014 limodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaonetsa kuti maselo amene ankayaka limodzi khoswe akuyenda amayakanso limodzi iye ali m'tulo.

Kafukufuku amene amandichititsa chidwi kwambiri pa nkhani yathuyi ndi wa mu 2015, wa ofufuza a ku London. Anaika makoswe m'kanjira kogawikana pawiri kumapeto, koma nthambi zonse ziwiri zinali zotsekedwa ndi chotchinga choonekera. M'nthambi imodzi anaikamo chakudya makoswewo akuona. Makoswewo akupuma, ubongo wawo unayatsa mndandanda wa maselo oimira njira yopita ku nthambi ya chakudyayo, kumene anali asanapondeko, koma sunachite chimodzimodzi ndi nthambi inayo. Palibe amene angafunse khoswe ngati analota. Komabe zikuonetsa kuti ubongo umatha kutambasula mapu kupitirira pamene mapazi anafika, makamaka kumene kuli chinthu chofunidwa.

Ubongo wogona ndiye uli ngati mmisiri amene ali ndi mulu wa zitseko, mawindo ndi makoma ochokera m'nyumba zonse zimene munalowamo. Akamanga usiku amatenga khonde la nyumba ya ubwana wanu, n'kulumikizako kanjira ka sukulu, n'kumalizira ndi chipinda cha kuchipatala kumene munagonekedwa kamodzi. Allan Hobson ndi Robert McCarley, mu 1977, anapita patali ndi maganizo a mtunduwu ponena kuti loto ndi nkhani imene ubongo umaluka pofuna kumvetsa zizindikiro zongobuka zokha m'tulo. Koma ngakhale mutavomereza zimenezi, funso limatsala: mwa zidutswa zonse zimene zinalipo, bwanji mmisiriyo anasankha izi usiku umenewu?

## Usiku umapitiriza za masana

Pakati pa magulu awiriwa pali mfundo imene ofufuza ambiri a maloto amaivomereza: maloto amapitiriza zimene zikumudetsa nkhawa kapena kumukopa munthu masana. Inakula kuchokera ku ntchito ya Calvin Hall, amene mu 1966 pamodzi ndi Robert Van de Castle anakonza njira yowerengera zopezeka m'maloto, monga anthu, malo ndi zochitika, m'malo mozimasulira. Iwo anapeza kuti maloto ambiri sakhala odabwitsa monga timaganizira. Amachitika m'malo odziwika, ndi anthu odziwika.

Kupitirizako si kubwereza. Pa kafukufuku wina wa mu 2003, mwa maloto 299 amene anthu analemba, 65 pa 100 alionse anali ndi kanthu kochokera ku zimene zinawachitikira posachedwa, koma amene anabwereza chochitika ndendende anali 1 kapena 2 pa 100 basi. Loto lili ngati munthu woimba nyimbo imene anaimva masana koma ataisintha mawu. Chimene chimasungika kwambiri ndi mmene mtima unamvera. Choncho pa loto la chipinda, funso lothandiza silikhala lakuti chipinda chimaimira chiyani kwa anthu onse, koma lakuti munamva bwanji mutatsegula, ndipo kumva komweko mumakumana nako kuti masana.

## Loto limodzi, tilitsate mpaka m'kati

Tiyerekeze mayi wa zaka 46, wogwira ntchito yowerengera ndalama, wolera ana atatu ndiponso wosamalira bambo ake okalamba. M'miyezi iwiri walota katatu kuti ali m'nyumba imene anakuliramo, wasuntha kabati ya zovala, ndipo kuseri kwake kuli chitseko chopapatiza. M'kati muli kachipinda koyera, mpando umodzi, windo lotsegula. Mnzake wamuuza kale kuti zikutanthauza luso lobisika, mwina ayambe bizinesi. Iye sizikumufika pamtima.

Mlangizi wotsata njira yonga ya katswiri wa za maganizo Clara Hill, imene ili ndi masitepe atatu, kufufuza, kuzindikira ndi kuchitapo kanthu, sangayambe ndi tanthauzo. Amupempha afotokoze lotolo ngati likuchitika tsopano, kenaka atenge chinthu chimodzichimodzi.

"Kabatiyo mukuidziwa, mayi?"

"Ndi ya malemu amayi anga. Tinaisuntha mwezi wathawu pokonza m'nyumba, kuseri kwake khoma linali loyera kusiyana ndi kwina konse, ngati chitseko."

Apa zapezeka zotsalira za masana, ndipo munthu wina akanaimira pomwepa n'kunena kuti nkhani yatha. Koma kabati ikufotokoza chitseko chokha, osati zimene zili kuseri kwake.

"Mutalowa munamva bwanji?"

"Ndinapuma. Munali zii. Kenaka ndinachita mantha kuti wina andipeza, ndiye ndinayamba kukokera kabati ija kuti itseke."

"Ndi liti masiku ano pamene mumamva choncho, kupuma kenaka mantha oti akupezani?"

Mayiyo akhala chete pang'ono, kenaka aseka mwamanyazi. Akuti akaweruka kuntchito nthawi zina amakhala kaye panja mphindi khumi asanalowe m'nyumba, foni atazimitsa, ndipo amadzimva ngati wakuba. Akumbukiranso kuti ali mwana sanakhalepo ndi chipinda chake.

Onani kusiyana kwake. M'chipindamo munalibe zida, mabuku kapena chuma. Munali mpando umodzi. Mbali yosafufuzidwa apa si luso, ndi kufuna kukhala yekha, chinthu chimene mayiyu wakhala akuchiona ngati kudzikonda. Chikanakhala chipinda chodzaza zida zoimbira zimene anasiya ali mtsikana, kucheza kukanalowera kwina. Chikanakhala chonunkha chinyezi, iye n'kukana kulowamo, kukanalowera ku zokanidwa zija.

Sitepe yomaliza ndi yaing'ono dala: asasiye ntchito, asasamuke, angopatula maola awiri pa mlungu amene onse m'nyumba akudziwa kuti ndi ake, kwa mwezi umodzi, aone ngati mtima upepuka. Ukapepuka, kumasulirako kwathandiza. Koma sizitsimikiza kuti lotolo linabwera ndi uthengawo. N'kutheka kuti mafunso a mlangizi ndi amene anautulutsa, ndipo chithunzi chilichonse chomukhudza chikanagwira ntchito yomweyo.

## Pamene kumasulira kumasokera

Mu 1948 katswiri wa za maganizo Bertram Forer anapatsa ophunzira ake 39 mafunso, kenaka aliyense anamupatsa pepala lofotokoza khalidwe lake. Anawapempha apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mmene pepalalo lawalondolera, ndipo pakatikati pake panafika pafupifupi 4.3. Onse anali atalandira pepala lofanana. Chimodzi mwa ziganizo zake chinkanena kuti muli ndi luso lambiri limene simunaligwiritse ntchito. Chiganizo chimenechi ndi chomwecho chimene anthu amapatsidwa akalota chipinda chobisika. Chimakoma kumva, ndipo palibe amene sichimukwana.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti kumasulira kwagwira kanthu? Kumasulira kosokera kumasiya zinthu zambiri za m'lotomo zosakhudzidwa, monga mpando umodzi uja ndi mantha oti akupezani, ndipo mungakupatse munthu wina aliyense osasintha liwu. Kumene kwagwira kanthu kumatchula chinthu chenicheni cha m'moyo wanu, ndipo nthawi zambiri kumabaya pang'ono. Pali umboni, wochokera ku kafukufuku wa Carey Morewedge ndi Michael Norton wa mu 2009, wakuti anthu amalemekeza kwambiri maloto ogwirizana ndi zimene amakhulupirira kale kapena kuzifuna. Tanthauzo likakusangalatsani msanga, ndi bwino kulikayikira kaye.

Palinso kusintha kwa loto lenilenilo. Likafotokozedwa kachitatu limakhala litakonzedwa kale, mipata itatsekedwa. N'chifukwa chake ofufuza amafuna lilembedwe munthu akangodzuka, asanalankhule ndi wina.

Mtundu umodzi wa lotoli suyenera kutengedwa ngati masewera odzifufuza. Ngati chipindacho chili choopsa, lotolo likubwera kawirikawiri mpaka munthu akuopa kugona, kapena likufanana ndi zoopsa zimene zinamuchitikiradi, pafunika dokotala kapena mlangizi wophunzira. Pali chithandizo choyesedwa chimene munthu amalemba lotolo m'njira ina ali maso n'kumaliyeseza m'maganizo tsiku ndi tsiku. Ndipo loto la chipinda chokhoma si umboni wakuti pali nkhanza yoiwalika imene inachitika ali mwana. M'ma 1980 ndi 1990 mabanja ena anasweka chifukwa cha zokumbukira zimene zinamangidwa pa zizindikiro zotere mothandizidwa ndi alangizi osasamala.

## Mafunso amene akadali poyera

Funso lalikulu silinayankhidwe: kodi ubongo wogona umapanga fanizo mwadala, kusankha nyumba kuti iimire munthu, kapena fanizolo timaliika tokha tikadzuka? Ofufuza ena, monga G. William Domhoff, amene anapitiriza ntchito ya Hall, amaona kuti umboni wa zizindikiro zobisika m'maloto ndi wochepa. Ena amati popeza masana timaganiza m'mafanizo, palibe chifukwa choti usiku tisiye.

Pali funso la nyumba yeniyeniyo. Loto la Jung linali la nyumba yosanja yokhala ndi zipinda za pansi pa nthaka, ndipo tanthauzo lake linatsamira pa kutsika. Kodi munthu amene moyo wake wonse wakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, kapena wosamukasamuka, amalota zofanana, kapena kwa iye malo osadziwikawo amaoneka ngati njira, munda kapena mtsinje? Ngati amasintha choncho, ndiye kuti nyumbayo ndi chovala chabe.

Anthu ambiri amanena kuti lotoli linawabwerera pa nthawi ya kusintha, ukwati utatha, ana atachoka pakhomo, ntchito itasintha. Koma amene analilota pa nthawi wamba n'kuliiwala sabwera kudzanena. Kuti zidziwike pangafunike kutsata anthu ambiri kwa zaka, akulemba maloto awo onse, kusintha kusanafike ndi kutadutsa.

Ndiye pali kumva kuja kwakuti chipindachi chinalipo kale, kapena kuti ndinachilotapo. Kodi ndi kukumbukira kwenikweni kwa loto lakale, kapena ubongo umangopaka chizindikiro cha "ndikuchidziwa" pa chinthu chatsopano, monga zimachitikira masana munthu akaona ngati malo achilendo anafikapo? Amene amalemba maloto ake angatsegule kope n'kuona ngati chipindacho chilimodi m'masamba a m'mbuyo.